Pamene munthu sanalembe kanthu, kodi tiikepo "palibe"?

*Ndimajambula pa foni mafomu a anthu ofunsira ngongole ku gulu lathu, kenako n'kukopera mayankho awo mu JSON, kalembedwe kosungira zinthu pa kompyuta. Malo amene munthu wasiya osalemba ndimaikapo "palibe", koma mnzanga akuti ndikulakwitsa. Cholondola n'chiti?*

Mnzanuyo akunena zoona. Mawu akuti "palibe" ndi yankho lathunthu, lotanthauza kuti chinthucho chafunidwa ndipo sichinapezeke. Mayi amene wadumpha mzere wofunsa mudzi sakunena kuti alibe mudzi. Mwina anaiwala, mwina sanamve funsolo. Mukamulembera "palibe" mwamuyankhira zimene iye sananene.

Pachithunzi cha fomu mumakumana ndi zinthu zitatu zosiyana, ndipo Chichewa chimazisiyanitsa bwino: sanalembe, walemba kuti alibe, ndiponso walemba koma sizikuwerengeka. Tiyerekeze fomu ya mayi wa ku Dedza. Pa mudzi sanalembepo kanthu, pa foni walemba "ndilibe", pomwe pa ntchito pagwera mthunzi wa dzanja la wojambula moti zilembo sizikuoneka.

```json
{
  "boma_lochokera": "Dedza",
  "mfumu_yaikulu": "Kachindamoto",
  "mudzi": "",
  "foni": "ndilibe",
  "ntchito": null
}
```

Posalembedwa paikidwa `""`, koma dzina lakuti `mudzi` silinachotsedwe, chifukwa mndandanda wa mayinawa umachokera pa fomu yosadzaza, osati pa zimene munthu wayankha. "Ndilibe" wa mayiyo watsala momwe analembera. Musamusandutse "alibe" kapena "palibe", poti inu ndinu wokopera chabe. `null` ine ndimasungira zosawerengeka, kuti ndidziwe fomu yoyenera kujambulidwanso. JSON siikakamiza zimenezi, ndi pangano loti mugwirizane ndi mnzanuyo n'kulilemba penapake.

Pa mayina a mizere m'pamene Chichewa chathu chimakola anthu. "Tsiku lobadwa" ndi "tsiku lobadwira" tonse timamva kuti n'chimodzi, chimodzimodzinso "yaikulu" ndi "yayikulu", koma kompyuta imaona mayina awiri osiyana. Chizindikiro chake n'chakuti mukasonkhanitsa mafomu onse m'tebulo limodzi mumapeza madanga awiri a masiku, lililonse lodzaza theka. Sankhani kalembedwe kamodzi ka zilembo zazing'ono, osakasinthanso. Chilembo cha ŵ ndi kachizindikiro ka mu ng' muzisiye m'mayankho momwe mwini analembera, koma m'mayina a mizere muzipewe, chifukwa wina adzalemba w wamba ndipo kompyuta sidzapeza kanthu. Ndalemba `boma_lochokera` m'malo mwa `boma` dala, poti liwuli limatanthauzanso boma lolamulira dziko, ndipo munthu wobadwira ku Dedza akhoza kukhala kuti masiku ano akukhala ku Salima.

Amene walemba nambala ya foni, muitsekere pakati pa `"` ziwiri ngati mawu. Nambala zathu zimayamba ndi 0, ndipo JSON imakana nambala yotere ikalembedwa yosatsekera.