Sanagwirepo ntchito kwina kulikonse koma mutu ndi wakuthwa: ndimulembe?

"Ndili ndi sitolo ya feteleza ndi mbewu kuno ku Mchinji, ndipo ndikufuna kalaliki wa sitoko mvula isanagwe. Atsala awiri: bambo wina amene wagwira zaka 7 m'maholoselo, ndi mtsikana wa MSCE amene sanagwirepo paliponse koma pa intavyu anandigometsa. Amuna anga akuti tisasewere ndi mpamba. Ndingadziwe bwanji kuti kuchangamuka kwake ndi kwenikweni, osati pakamwa pokha?"

Mayi, imelo yanuyi ndinaiwerenga usiku ndipo tulo tinachedwa kubwera, chifukwa mtsikanayo anali ine. Nditangomaliza Fomu 4 ndinayenda Lilongwe yense ndi envulopu ya khaki m'khwapa mpaka inafewa ndi thukuta. Pa holoselo ina bwana sanaitsegule n'komwe. Anangofunsa kuti, "Munagwirapo kuti?" Nditati paliponse ayi, anandibwezera envulopu ija ndi zala ziwiri, maso ali pa nyuzipepala. Ndinatuluka ndikudzifunsa kuti nanga poyambira pakhale pati, poti aliyense akufuna woyamba kale. Mkwiyo umenewo ndinausunga zaka zambiri, ndipo ndi womwe unandipusitsa nditatsegula sitolo yangayanga.

Munthu woyamba amene ndinamulemba ndinamutenga chifukwa anandikumbutsa ineyo. Mnyamata waulemu, Chingerezi chake chosalala ngati cha pa wailesi, funso lililonse yankho lili pafupi. Ndinati uyu ndiye amagwira msanga. Patatha miyezi iwiri ndinapeza kuti chilichonse chimene ndinkamuuza ankayankha kuti "ndamva, bwana," koma mawa lake cholakwa chinali chomwecho, pamalo pomwepo. Mbewu yatsopano ankaiunjika patsogolo, yakale n'kutsalira kumbuyo mpaka tsiku lake litadutsa. Ndinamuuza katatu. Kachinayi ndinangonyamula mapaketiwo ndekha.

Ndinalumphira mbali inayo. Ndinalemba bambo wa zaka zambiri pa ntchito, makalata a umboni ali phwamwamwa. Ameneyu ntchito ankaidziwadi, koma ankaidziwa mmene ankaigwirira kumene anachokera, ndipo khadi langa la sitoko ankaliona ngati zachibwana. Ankasunga manambala m'mutu, n'kumalemba Loweruka. Tsiku limene anadwala, panalibe amene ankadziwa kuti m'nyumba yosungiramo katundu muli matumba angati. Apa m'pamene ndinazindikira kuti onse awiri ndinawayesa ndi makutu: wina ndinamva kuyankhula kwake, wina ndinamva mbiri yake, koma palibe amene ndinamuona akuphunzira kanthu pamaso panga.

Ndipo pano ndiyankhule mosapsatira: intavyu yongocheza siyesa kuphunzira. Imayesa kuyankhula. Kuno kwathu tili ndi matenda oganiza kuti wa Chingerezi chabwino ndiye wanzeru, pamene nthawi zambiri zimangosonyeza sukulu imene makolo ake anakwanitsa kulipira. Mwana wa sukulu yoyendera ya kumudzi, amene amayankha akuyang'ana pansi chifukwa analeredwa kuti wamkulu sayang'anidwa m'maso, amagwa pa intavyu ngakhale atakhala kuti ndi iye amene masamu a m'sitolo angamuyendere bwino. Zimandinyansa, ndipo ndikuvomera kuti nanenso ndinachitapo.

Nazonso zaka si umboni waukulu monga amuna anu akuganizira, ngakhale nkhawa yawo ndikuimvetsa. Mu 1998 akatswiri awiri a ku America, Frank Schmidt ndi John Hunter, anasonkhanitsa kafukufuku wa zaka 85 wokhudza njira zolembera anthu ntchito. Anapeza kuti kuchuluka kwa zaka zimene munthu wagwira kumalosera mofooka mmene adzagwirire, poyerekeza ndi kumupatsa kachidutswa ka ntchito yeniyeniyo kuti achite, kapena kufunsa ofunsira onse mafunso ofanana okonzedwa kale. Koma kumupatsa ntchito yeniyeni munthu amene sanaionepo n'kumulakwira, chifukwa agwa basi. N'chifukwa chake ku Britain, m'mafakitale osoka zovala, anayamba kale njira ina: mlangizi amamuonetsa wofunsira ntchito kasokedwe kena pa makina, amamulola kufunsa mafunso, kenako amamusiya achite yekha, iye n'kumalemba zimene akulakwitsa. Sankayesa zimene munthu akudziwa kale, ankayesa zimene watola pa nthawi yochepa imeneyo. Ine ndinangoibweretsa njirayi pakati pa matumba a Yuliya.

Mmene ndimachitira masiku ano

Ndimamuitana munthu m'mawa, sitolo isanadzaze, ndipo ndimamupatsiratu ya thiransipoti ndi ya nkhomaliro, chifukwa kuyesa munthu wopanda ntchito pa thumba lake ndi nkhanza. Kwa mphindi 20 ndimamuphunzitsa khadi la sitoko: zimene zinalipo m'mawa, kuphatikiza zimene zalowa, kuchotsa zimene zagulidwa, kuchotsanso zowonongeka, n'kupeza zotsala. Ndimamuuza kuti afunse chilichonse, ndipo ndimayang'ana ngati akulemba penapake popanda ine kumuuza.

Kenako ndimamupatsa nkhani iyi. M'mawa munali matumba 120 a Yuliya. Lole yabweretsa 40. Malisiti a tsikulo ndi atatu: 12, 5 ndi 20, onse pamodzi 37. Matumba 2 abooka ndipo aikidwa pambali. Pa khadi payenera kutsala 121. Akapeza nambala imeneyo ndimamuuza kuti tawerenga mulu wa matumba abwinobwino ndipo tapeza 118. Ndiye ndimakhala chete.

Masamuwo si nkhani, mwana wa Sitandade 6 angawathe. Nkhani ili pa matumba 3 osowawo, chifukwa pali chinthu chimene ndinachibisa dala: mlimi wina anatenga matumba 3 pa ngongole, ndipo analembedwa m'buku la ngongole limene sindinalitchule pophunzitsa paja. Anthu amagawika patatu. Wina amafufuta 121 n'kulemba 118 mwakachetechete kuti khadi ligwirizane ndi mulu. Ameneyu, kaya ali ndi zaka 7 kaya alibe, musamupatse makiyi, osati chifukwa ndi wakuba, koma chifukwa wakuba akadzabwera iye ndi amene azidzamukwirira mapazi osadziwa. Wina amanena kuti "sizikugwirizana" n'kupinda manja. Ameneyu ndi woona mtima, ndipo angaphunzitsike, koma muzidzamukankha. Wachitatu amabwereza masamu ake, amapempha kuti akawerenge mulu uja yekha, kenako amafunsa kuti, "Kodi pali njira ina imene katundu amatulukira popanda lisiti?" Funso limenelo ndi limene ndimalidikira.

Mtsikana amene ali pa sitoko panga lero anafika pa funsoli mochedwa, atatuluka thukuta, atalakwitsanso kuchotsera kamodzi. Ndinamuonetsa pamene analakwitsa ndipo sanadziteteze, sanapepesenso kakhumi. Anangoti, "Eya, ndinachotsa obooka kawiri," n'kukonza. Munthu amene angakuuzeni ndi pakamwa pake chimene chinamulakwitsa ndi wosiyana kwambiri ndi wa "ndamva, bwana" uja.

Koma tsiku limodzi silikwanira, ndipo apa ndi pamene ambiri amathamangira. Kugwira chinthu pamene mwangomuuza kumene ndi kukumbukira chabe. Ndimamuitananso pakatha masiku atatu, osamuuza zoti akonzekere, n'kumupatsa katundu wina: mbewu ya chimanga ya mapaketi a makilogalamu 2, imene pa chitsanzo changa imakhala mapaketi 10 m'belo limodzi. Muli mabelo 6 ndi mapaketi 4 apadera, agula belo limodzi ndi mapaketi 7. Ayenera kuona yekha kuti asandutse zonse mapaketi: 64 kuchotsa 17, kutsala 47, kutanthauza mabelo 4 ndi mapaketi 7. Zimenezi sindinamuphunzitse, ndikufuna ndione ngati mfundo ya Yuliya ija angaisamutsire pa katundu wowerengedwa mwa mtundu wina. Ndipo ndimadikira kuti ndione ngati apemphe buku la ngongole ndisanalitchule. Akalipempha, ndiye kuti za tsiku loyamba zinakhazikika. Chimene mukuyesa ndi mtunda umene wayenda kuchoka pa tsiku loyamba kufika pa lachiwiri, osati pamene anayambira.

Ndipatuke pang'ono. Mawu oti "sanagwirepo paliponse" ndimawakayikira masiku ano. Mufunseni bwino mtsikanayo. Mwina ndi iye amene amalemba m'buku la banki m'khonde ya amayi ake, mwina anagulitsapo mandasi kapena mayunitsi n'kumawerengera yekha phindu, mwina anali msungichuma wa kwaya. Achinyamata satchula zimenezi chifukwa tinawaphunzitsa kuti ntchito ndi ya mu ofesi yokha. Mufunseni chinthu chimodzi chimene anadziphunzitsa yekha, ndipo musalekere pomwepo: anayamba bwanji, chinamuvuta n'chiyani, anafunsa ndani, analakwitsa pati. Wophunziradi amakhala ndi tsatanetsatane, mpaka amadziseka. Wongoyankhula amakupatsani mawu okoma opanda tsiku kapena malo.

Tsono kwa inu, mayi. Ayeseni onse awiri mofanana, bambo uja musamukhululukire chifukwa cha zaka zake. Tsiku loyamba iye adzapambana, n'zachidziwikire, ndiye kwa iye muyang'ane ngati akulola kutsata khadi lanu kapena akukuuzani mmene ankachitira kwawo. Mudziwenso kuti mayesowa sakuuzani ngati munthu ali ndi dzanja lalitali kapena ngati azifika 7 koloko. Zimenezo mufunse kwa amene anamuonapo akusunga ndalama za ena, ndipo zotsalazo zidzaoneka pa pulobeshoni. Lamulo lathu la ntchito la chaka cha 2000 limalola pulobeshoni pa ntchito zaluso, yosapitirira miyezi 12, koma ine ndimalemba miyezi itatu m'kalata ya ntchito, malipiro ake onse, ndipo mwezi woyamba timawerengera limodzi sitoko madzulo alionse.

Funso lovuta lili kwa inuyo: adzamuphunzitsa ndani? Wogwira msanga amagwira zimene waonetsedwa, ndipo akasowa womuonetsa amatola za aliyense amene ali pafupi, ngakhale za wonyamula matumba amene amadziwa njira zachidule. Ngati mukulemba mu Ogasiti kapena Seputembala ndipo inuyo mumakhala m'sitolo, mtsikanayo akadutsa masiku awiri aja mutengeni, pofika nthawi ya mizere adzakhala atazolowera. Koma ngati ndi Novembala, alimi ali pamzere kufuna NPK ndi Kanyani, inu muli pa msewu wa Lilongwe kukapikula katundu, musamuponye m'moto umenewo yekha. Pamenepo amuna anu akunena zoona: tengani bamboyo ngati walola khadi lanu, ndipo mtsikanayo mumuike pa kauntala azilemba malisiti mpaka Febuluwale, mzere ukatha.