Malume anandikonzera kalata ya ku yunivesite, koma sindikudzimvamo

Funso: Ndine mtsikana wa zaka 18, kwathu ndi ku Nkhotakota kufupi ndi mtsinje wa Bua. Ndikufunsira malo ku yunivesite ya kunja kuti ndikaphunzire za ulimi, ndipo akufuna kalata yodzifotokoza. Malume a ku Lilongwe andikonzera, Chingerezi chake n'chapamwamba, koma ndikamawerenga sindikudzimvamo. Ndakutumizirani kuti muione. Nditani?

Yankho: Mwanangu, kalata ndaiwerenga, ndipo khutu lako silikukunamiza. Ndime yoyamba ikuti kuyambira uli wakhanda unkalakalaka kuthetsa njala mu Afirika. Yachiwiri ikuti ndiwe mtsogoleri wamasomphenya. Phimba dzina lako ndi chala, uwerengenso. Kodi mnyamata wa ku Mzimba kapena wa ku Ghana sangasayine pansi pa mawu amenewa? Chiganizo chilichonse chimene wina aliyense angasayine, chifute. Anthu osankha ophunzira amawerenga makalata ambirimbiri, ndipo oyamba chonchi amawadutsa mofulumira.

Kalata yako yeniyeni yabisala kumapeto, pamzere umodzi womwe ukuti umathandiza amayi kuyanika mpunga ndipo unadabwa kuona wina ukusweka kuchigayo. Yambira pamenepo. Usathamangire kulemba. Khala pansi ndi mnzako, umufotokozere nkhaniyo m'Chichewa, foni ikujambula mawu, iye azikufunsa: unali mwezi uti, munayanika pati, wogula anati chiyani ataona mpunga wosweka, iwe unachitapo chiyani. Kenako mvetsera, ulembe zimene wanena, ndipo pomaliza uziike m'Chingerezi chimene unkalembera mayeso a MSCE.

Ndikupatse chitsanzo cha mmene ndime ingamvekere, koma uikemo zako zoona. "Mu June tinayanika mpunga pa lona masiku angapo padzuwa lamphamvu. Kuchigayo wambiri unasweka, ndipo wogula anatsitsa mtengo. Amayi anati vuto ndi makina. Ine ndinakayikira, chifukwa wa anzathu oyandikana nawo unatuluka bwino pa makina omwewo. Aphunzitsi a zaulimi anandiuza kuti mpunga ukauma mopitirira, kenako n'kulowanso chinyezi, njere zimang'aluka mkati." Waona? Palibe pamene wadzitchula wanzeru kapena wachidwi, koma wowerenga waona yekha mtsikana wofunsa mafunso. Ngati pambuyo pake unawerenga n'kupeza kuti mpunga umapunthika bwino chinyezi chikakhala pafupifupi 14 peresenti, nena kuti unazipeza kuti. Ngati sunawerenge, pita ukawerenge usanalembe. Usapeke, chifukwa ambiri opereka thandizo la sukulu amaitana wophunzira kuti acheze naye, ndipo mafunso amachokera m'kalata momwemo. Mawu aja malume anaika, amene wandiuza m'mphepete mwa pepala kuti sudziwa kuwatchula, akakugwetsa pamenepo.

Nkhani ya mpunga isadye malo onse. Ikatha, onetsa kuti ikugwirizana bwanji ndi kosi imene wasankha: tsegula tsamba la yunivesiteyo, upeze phunziro limodzi lokhudza kusamala mbewu zikakololedwa, ulitchule ndi dzina lake, unene funso limene ukufuna kukaliyankha kumeneko. Yang'ananso malire. Common App, njira yofunsira malo m'mayunivesite ambiri a ku America, imalola mawu osapitirira 650. UCAS, bungwe lolandira zofunsira malo m'mayunivesite a ku Britain, imalola zilembo 4,000 kuwerengera ndi mipata yomwe, ndipo kuyambira kwa olowa mu 2026 inagawa kalatayi m'mafunso atatu: chifukwa chosankhira kosiyo, mmene sukulu yakukonzekeretsera, ndi zimene wachita kunja kwa kalasi. UCAS imafananitsanso makalata pofuna kugwira okopera, choncho ziganizo zotola pa intaneti zisiye.

Kulemba ngati wachinyamata si kulemba ngati uli pa WhatsApp. Galamala ikhale yolondola, mawu odula pakati asapezeke. Ndiponso usasandutse kalatayi maliro. Ngati unakhalapo pakhomo temu yathunthu chifukwa cha fizi, nena m'ziganizo ziwiri, kenako fotokoza mmene unawapezera anzako m'maphunziro. Zimandipweteka ndikaona ana athu akuganiza kuti chimene angagulitse kunja ndi umphawi wokha.

Za malume, usawakhumudwitse, anachita chifukwa chokukonda. Apititsire kalata yatsopanoyo, uwapemphe mwaulemu kuti: "Malume, mungondilembera mzere kunsi kwa pamene ndalakwitsa kapena pamene simukumva, ndikonza ndekha." Cholembera chikhale m'manja mwako. Ukamaliza, iwerengere mokweza mnzako uja. Pamene lilime lapunthwa, kapena pamene iye wanena kuti "iwe sulankhula choncho," lembanso chiganizocho usanatumize.