Mphatso ya wolima dimba ku Nsanje

"Mnzanga ali ndi dimba ku Nsanje. Ndimugulire chiyani?"

Mugulireni keni yothirira ya malita 10 yokhala ndi kamutu kotchedwa rozi. Madzi a ndowa amakokolola mbewu pa nazale, n'kusiya dothi litauma chigamba pamwamba, mbande n'kulephera kutuluka. Rozi amagwetsa madzi pang'onopang'ono. Sankhani woti amaguluka, chifukwa madzi a m'Shire ali ndi matope ndipo timabowo timatsekeka msanga. Keni ya pulasitiki imapepuka, koma dzuwa la kuno limaifumbutsa ikamasiyidwa panja, yachitsulo ndiyo imakhalitsa. Musanalipire, ithireni madzi muone ngati ikudontha pamsoko wa pansi ndi pomwe mpopi walumikizidwa.

Mukamuguliranso mbewu ya kabichi, muisunge mpaka Epulo. Ikadzalidwa m'chilimwe cha Okutobala kuno simanga mutu wolimba.