K200,000 yanu pa zaka zitatu: chiwongoladzanja chosaberekana ndi choberekana

Sabata yathayi ndinalandira imelo iyi kuchokera kwa mayi wina wa ku Chibavi:

"Achimwene, ndimagulitsa usipa ndi tomato mumsika waukulu wa Mzuzu. Ndasonkhanitsa K200,000 yoti idzathandize mwana wanga akamadzayamba Folomu 1 zaka zitatu zikubwerazi. Malo awiri andiuza kuti adzandipatsa 10 peresenti pa chaka, koma ena akuti chiwongoladzanja azindipatsa chaka chikatha, ena akuti azichiphatikiza ku ndalama yanga. Alongo anga akuti ndi chimodzimodzi poti konse ndi 10 peresenti. Kodi ndi zoona?"

Mayi, zikomo polemba. Alongo anuwo akulondola pa chaka choyamba chokha. Kuyambira chaka chachiwiri njira ziwirizi zimapatukana.

Njira yoyamba, yomwe pa mapepala a banki amailemba kuti simple interest, ine ndimaitchula kuti chiwongoladzanja chosaberekana. Apa peresenti imawerengeredwa pa ndalama yomwe munaika tsiku loyamba basi. 10 peresenti ya K200,000 ndi K20,000. Chaka choyamba mupeza K20,000, chachiwiri K20,000, chachitatu K20,000 yomweyo. Zaka zitatu zikatha phindu lanu lonse ndi K60,000, ndipo mukaphatikiza ndi mpamba ndalama yonse ndi K260,000.

Njira yachiwiri amailemba kuti compound interest, ndiye kuti chiwongoladzanja choberekana. Chaka choyamba chimatha chimodzimodzi, K20,000 yabadwa. Koma m'malo moti muitenge kapena aiike pambali, imalowa mu mpamba, ndipo chaka chachiwiri mumachiyamba ndi K220,000. Tsopano 10 peresenti ikuwerengeredwa pa K220,000, ndiye phindu la chaka chimenecho ndi K22,000. Mukaphatikiza yakwana K242,000. Chaka chachitatu 10 peresenti ya K242,000 ndi K24,200, ndipo pamapeto muli ndi K266,200.

Kusiyana kwake ndi K6,200. Ndikufuna muone bwino komwe ndalama imeneyi yachokera, chifukwa mukamvetsa pamenepa palibenso amene adzakusokonezeni. Ganizirani mbuzi yaikazi yomwe imabereka chaka chilichonse. Mukamagulitsa kamwana kalikonse kakangoleka kuyamwa, m'khola mudzikhala mbuzi imodzi yomweyo, ikubereka mofanana chaka ndi chaka. Mukasunga anawo, nawonso amakula n'kuyamba kubereka. Ndalama yanu ikuchita zomwezo. K20,000 yobadwa chaka choyamba ikakhalabe mu akaunti imabereka K2,000 chaka chachiwiri, n'kuberekanso K2,000 chaka chachitatu. K20,000 yomwe mpamba wabereka chaka chachiwiri ili ndi chaka chimodzi chokha chogwira ntchito, ndiye imabereka K2,000. Apa takwana K6,000. K200 yotsalayo ndi mdzukulu: yabadwa kuchokera ku K2,000 ija yomwe inabadwa chaka chachiwiri.

Ngati muli ndi kakyuleta pa foni mutha kudziyesera nokha. Kuwonjezera 10 peresenti n'chimodzimodzi kuchulukitsa ndi 1.1, choncho lembani chonchi:

```
200000 × 1.1 × 1.1 × 1.1 = 266200
```

Mwina mukuti K6,200 si ndalama yodabwitsa, ndipo ndikuvomereza. Zaka zitatu ndi nthawi yochepa yoti adzukulu achuluke. Mukanaisiya zaka khumi pa peresenti yomweyi, njira yosaberekana ikanakupatsani K400,000 pamene yoberekana ikanadutsa K518,000. Koma inu nkhani yanu ndi ya zaka zitatu, ndipo pa nthawi yochepa chonchi pali chinthu chomwe anthu ambiri sachiona: kukula kwa peresenti kumatha kuposa kuberekanako. Malo opereka chosaberekana atakweza kufika pa 11 peresenti, muzipeza K22,000 chaka chilichonse ndipo pamapeto mudzakhala ndi K266,000, kungotsala K200 yokha kuti mufanane ndi njira yoberekana ija. Atafika pa 12 peresenti ndiye kuti K272,000, apambana. Choncho musakomedwe ndi dzina la njirayo. Kulikonse komwe mwapita afunseni funso limodzi: "Ndikaika K200,000 lero osaikhudza, tsiku ngati lomweli zaka zitatu zikatha mudzandipatsa zingati m'manja?" Akulembereni nambala yake papepala. Pa malo anu awiriwa, poti konse ndi 10 peresenti, ine ndingasankhe ophatikizawo.

Pomwe anthu amagwera kwambiri ndi pa fikisidi dipoziti. Nthawi zambiri mumapangana ndi banki kwa miyezi yowerengeka, itatu, isanu ndi umodzi kapena chaka, osati zaka zitatu nthawi imodzi. Nthawiyo ikakwana pamafunika lamulo lanu la zoti achite nayo ndalamayo. Inenso zinandigwera. Ndinasunga kandalama ku banki ina kuno ku Mzuzu, ndipo pa fomu ndinachonga poti apitirize kusunga mpamba wokha, osawerenga bwino. Chiwongoladzanja chinkagwera mu akaunti yanga ya tsiku ndi tsiku, momwe chinathera ku mayunitsi a magetsi ndi a foni ine osazindikira. Ndinkaganiza kuti ndalama yanga ikuberekana pamene ana ake ndinali kudya ndekha. Inu mukamadzaza fomuyo nenani momveka kuti nthawi ikakwana aphatikize mpamba ndi chiwongoladzanja, n'kuyambiranso ndi zonse pamodzi. Mudziwenso kuti poyambiranso peresenti itha kusintha, sikuti 10 ya lero idzakhala 10 mpaka mapeto pokhapokha atalemba choncho.

Kudziwa ngati akuchitadi zomwe analonjeza n'kosavuta. Pemphani sitetimenti chaka chachiwiri chikatha. Chiwongoladzanja cha chaka chimenecho chikakhala chofanana ndendende ndi cha chaka choyamba, ndalama yanu sikuberekana. Chikakhala chokulirapo, monga K22,000 pomwe poyamba panali K20,000, ndiye kuti zili bwino. Malo ena amaphatikiza mwezi ndi mwezi osadikira chaka. Zikatero mumapindula pang'ono kuposa apa, chifukwa K200,000 yanu ingafike pafupifupi K269,600.

Manambala onsewa ndawawerengera opanda chochotsa, koma m'moyo weniweni zochotsa zilipo. Banki imatha kudula msonkho wa boma pa chiwongoladzanja isanakupatseni, ndipo maakaunti ena ali ndi ndalama yomwe amadula mwezi uliwonse yosungira akauntiyo. Tiyerekeze kuti akudula K500 pa mwezi. Pa miyezi 36 imeneyo ndi K18,000, pafupifupi katatu K6,200 yomwe takhala tikuilimbirayi. N'chifukwa chake ndati mufunse ndalama yomwe mudzalandire m'manja, zonse atachotsa.

Pali chinanso chomwe chimandidetsa nkhawa pa cholinga chanu cha fizi. Inu amene mumapikula usipa mukudziwa kuposa ine momwe mitengo yakwerera chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mitengo ikamakwera mofulumira kuposa 10 peresenti pa chaka, K266,200 ya zaka zitatu zikubwerazi idzagula zochepa kuposa zomwe K200,000 ikugula lero, ngakhale ikhale yoberekana. Sindikunena kuti musasunge, popeza ndalama yokhala m'chitini kunyumba siibereka n'komwe ndipo siichedwa kupita ku zovuta zadzidzidzi. Koma musaidalire yokha kuti idzakwanira fizi, yunifolomu ndi makope. Ngati malo omwe mwasankhawo amalola kuwonjezera, muziponyamo kangachepe msika ukayenda bwino, makamaka chaka choyambachi, chifukwa K10,000 yoikidwa lero idzakhala K13,310 mwana akamadzayamba sukulu, pamene yoikidwa chaka chomaliza idzangofika K11,000.