Tayifodi imayenda ndi masabata, ndipo yoopsa ndi yachitatu

"Abale thandizeni. Mwana wanga wazaka 11 akutentha thupi, lero ndi tsiku la 9. Malungo amuyeza kawiri osapezeka, tsopano akuti mwina ndi tayifodi. Matendawa amayenda bwanji? Nanga wawatenga kuti, poti tonse timadyera mbale imodzi koma wadwala yekha?"

Pepani mayi ndi matendawo. Ine ndagwira ntchito ya unamwino m'chipinda cha ana kwa zaka zambiri, ndiye ndikuuzani zomwe ndimaziona ndi maso. Choyamba: ngati ilidi tayifodi, mwanayo ali kale m'sabata yachiwiri. Musadikire kuti muone momwe agonere, bwererani naye kuchipatala lero.

Sabata yoyamba ndi yonyenga. Thupi silitentha kamodzin'kamodzi ayi, limakwera pang'onopang'ono ngati munthu wokwera makwerero. Madzulo a lero latentha kuposa dzulo, m'mawa latsikako, madzulo lakweranso kupitirira, mpaka pofika tsiku la 5 kapena la 7 lili pa 39 kapena 40. Mutu umawawa, thupi limaphwanya, chakudya sichikoma, ena amatsokomola chifuwa chouma. Anthu ambiri amaganiza kuti poti ndi matenda a m'matumbo ndiye kuti wodwala azitsegula m'mimba. Si nthawi zonse. Akuluakulu ambiri amadzimbidwa, kutsegula kumapezeka kawirikawiri kwa ana. N'chifukwa chake sabata imeneyi imathera pa mankhwala a malungo ndi panado.

Sabata yachiwiri kutentha kuja kumakhazikika pamwamba, sikutsikanso kwenikweni. Mwana amene ankathamanga amangogona, maso ali gwa, mukamufunsa amayankha mochedwa, usiku nthawi zina amabwebweta. Mimba imafufuma ndi kuwawa mukaigwira, ndipo dokotala akapapasa amatha kupeza kapamba ndi chiwindi zitatupa. Mabuku amatchulanso timadontho tofiirira pachifuwa ndi pamimba, tomwe timazimirira mukatidina ndi chala. Musataye nthawi kutifufuza: pakhungu lakuda sitioneka bwino, ndipo odwala ambiri sakhala nato n'komwe.

Tsono sabata yachitatu ndi yomwe imandisowetsa tulo. Tizilomboti timakhala titakumba zilonda kumapeto kwa matumbo aang'ono, cha kumunsi kwa mimba mbali ya kumanja. Chilonda chikadya mtsempha, munthu amataya magazi mkati, chimbudzi n'kumatuluka chakuda bii kapena chamagazi. Chikadya mpaka kubowola, zam'matumbo zimatayikira m'mimba. Ndimakumbukira mnyamata wina amene anabwera naye atadwala masiku pafupifupi 18. Agogo ake anatiuza kuti dzulo lake kutentha kunatsika mwadzidzidzi, banja lonse n'kupumira m'mwamba kuti wachira. Koma mwanayo anali thukuta lozizira lili kamukamu, mtima ukugunda mothamanga, mimba ili gwa ngati thabwa, osalola kuti muikhudze. Matumbo anali atabowoka. Anapulumuka ndi opaleshoni ya usiku womwewo. Choncho kutentha kukagwa mwadzidzidzi koma mwana akuoneka wofookeratu, kumeneko si kuchira.

Amene wadutsa pamenepo, sabata yachinayi kutentha kumatsika pang'onopang'ono, koma amatsala wowonda ndi wofooka kwa nthawi yaitali. Popanda mankhwala, pa anthu 10 odwala mmodzi kapena awiri amamwalira. Ndi mankhwala oyenera operekedwa msanga, safika ngakhale mmodzi pa 100, ndipo ndondomeko yonse ndafotokozayi imadukira panjira.

Za kuyeza: njira yodalirika ndi kutenga magazi n'kuwasunga ku labotale masiku angapo kuti aone ngati tizilombo timera. Imagwira bwino kumayambiriro kwa matenda, komanso munthu asanamwe maantibayotiki, ndiye ngati munamupatsa kale makapisozi ogula nokha muwauze adokotala, musabise. Kuyeza kwachangu kotchedwa Widal ine sindikukhulupirira pakokha, kumanamiza mbali zonse ziwiri. Mankhwala asankhe ndi adokotala, chifukwa m'madera ambiri tizilomboti tinasiya kumva mankhwala akale monga amokisilini ndi bakitirimu. Dziwaninso kuti ngakhale mankhwala ali oyenera, kutentha kumatenga masiku 3 mpaka 5 kuti kutsike, nthawi zina kupitirira. Musasiye tsiku lachiwiri n'kumati sakugwira, ndipo musasiye akadzuka n'kumati wachira. Ena amadwalanso pakatha masabata awiri kapena atatu. Asipilini ndi bulufeni ayi, zimawonjezera kutaya magazi. Akadzimbidwa musamupatse mankhwala otsegula m'mimba.

Funso lanu lachiwiri lija. Kachilomboka, Salimonela Tayifi, kamakhala mwa anthu okha. Si nkhuku, si ng'ombe, si udzudzu. Kamatuluka ndi chimbudzi cha munthu, nthawi zina ndi mkodzo, n'kulowa m'kamwa mwa wina. Kunena mosapsatira, aliyense wodwala tayifodi anameza kachimbudzi ka mnzake kosaoneka ndi maso. Njira zake ndi madzi a pachitsime chomwe chayandikana ndi chimbudzi, paipi yong'ambika yomwe imayamwa zonyansa madzi akasiya kutuluka, masamba odya osaphika otsukidwa ndi madzi oipa, ntchentche, ndi manja a wophika amene sanasambe ndi sopo. Moto umapha tizilomboti, koma kuzizira sikutipha, ndiye ayisi wopangidwa ndi madzi oipa ndi woipa basi. Chakudya chophikidwa bwino chimathanso kuipitsidwa pambuyo, pochigwira ndi manja n'kuchisiya kwa maola.

Chomwe chimasokoneza ndi nthawi. Munthu akameza tizilombo sadwala mawa lake, pamadutsa sabata imodzi kapena ziwiri, mwina mpaka masiku 30. Mwana wanu wadwala masiku 9, ndiye werengani chobwerera: anatenga masabata awiri kapena atatu apitawo, mwinanso kale kuposa apo. Musayang'ane zomwe anadya dzulo lake asanadwale. Dzifunseni kuti nthawi imeneyo anali kuti, kusukulu amamwa madzi otani, anagula chiyani panjira, munali paulendo kapena pamwambo wa anthu ambiri. N'kutheka sanatengere pambale yanu n'komwe. Ngakhale atatengera pakhomo, si onse omeza tizilombo amene amadwala: zimatengera kuchuluka kwa tomwe wameza, ndipo ana a msinkhu wa sukulu ndi amene amagwidwa kwambiri. Komanso ena mwa inu akhoza kukhala kuti masiku awo sanakwane, ndiye aliyense akayamba kutentha thupi mwezi uno akayezetse msanga.

Palinso anthu amene anachira, kapena sanadziwe n'komwe kuti anadwala, koma tizilombo tinakhazikika m'ndulu mwawo. Amakhala athanzi ndithu, koma amatulutsa tizilombo kwa chaka kapena zaka. Pa anthu 100 odwala, awiri mpaka asanu amatsala otero. Wotchuka ndi Mary Mallon, wophika wa ku New York amene anamutulukira mu 1907: pafupifupi nyumba iliyonse yomwe ankagwira ntchito anthu ankadwala, iye ali bwinobwino. Choncho ngati matendawa akubwerezabwereza pakhomo limodzi, amene amaphika nawonso akayezetse chimbudzi, osati mowaloza chala, chifukwa mankhwala ake alipo.

Pakadali pano madzi akumwa muziwiritsa mpaka abwate kwa mphindi imodzi yathunthu, kapena muthire kulorini n'kudikira mphindi 30. Muwasunge mu chotengera chotseka, chopungulira, osati chomizamo kapu ndi dzanja. Inu amene mukumusamalira muzisamba ndi sopo mukamuthandiza kuchimbudzi komanso musanagwire chakudya cha enawo, ndipo iye asagwire chakudya cha anthu mpaka adokotala atalola. Katemera alipo, wobaya kamodzi, kuyambira mwana wa miyezi 6. Mufunse za abale akewo mukapita. Koma mukaona chimbudzi chakuda, mimba yolimba, kapena mwana asakukuzindikirani, nyamukani nthawi yomweyo ngakhale pakati pa usiku.