Bulanki ikamawerenga 0.012, sampulo 0.019: tinene kuti tapeza chiyani?

"Ndimayeza fosifeti m'madzi a m'zitsime ndi njira ya utoto wabuluu. Bulanki yanga imawerenga 0.012, sampulo ina yawerenga 0.019, ndipo silopu ya kalibulesheni ndi 0.60 pa miligalamu imodzi ya fosiforasi m'lita. Abwana akuti ndingochotsera n'kulemba. Ndinawerenga bulanki kakhumi kuti ndipeze LOD, koma kakhumi konse inatuluka 0.012. Kodi ndiye kuti LOD yanga ndi ziro? Chonde ndithandizeni."

Ayi, LOD, mlingo wochepetsetsa wa fosifeti umene njira yanu ingazindikire, si ziro, mnzanga, ndipo tsiku limene mudzaone labotale ikulemba LOD ya ziro mudzadziwe kuti sanayeze chimene amayenera kuyeza. Zimene mwayeza inu ndi kukhazikika kwa makina. Mwaika kiyuveti imodzi, kachiwiya koyezeramo madzi m'makina, muli bulanki yomweyo ya madzi oyeretsedwa ndi mankhwala, n'kudina batani kakhumi. Makina owonetsa manambala atatu okha pambuyo pa kadontho akanatha bwanji kukuuzani zina? Nyali yake ndi yabwino, zimenezo mwatsimikiza. Koma sampulo yanu sinabadwire m'kiyuveti. Inadutsa m'botolo, mwina m'sefa, m'fulasiki, inathiridwa molibudeti ndi asikobiki asidi ndi pipeti ya m'manja mwanu, n'kudikira kuti utoto utuluke. Pa sitepe iliyonse pamalowa kafosifeti pang'ono kapena pamasintha kenakake, ndipo sikalowa mofanana nthawi zonse. Kusafanana kumeneko ndiye kumaika malire a chimene mungathe kuona.

Kalata yanu yandipsetsa mtima, osati chifukwa cha inu, koma mawu aja akuti "ingochotsera n'kulemba". Ndinawamvapo. Ndinagwirako ntchito m'labotale ina ya zamadzi kumene mkulu wathu ankadana ndi zinthu ziwiri: nambala yokhala ndi chizindikiro chochotsera kutsogolo, ndi chizindikiro cha < pa lipoti. Ankati makasitomala amalipira kuti apatsidwe nambala. Sampulo ikawerenga pansi pa bulanki, ankalamula kuti tilembe ziro. Ikawerenga pamwamba ndi 0.001 yokha, tilembe ngati fosifeti yapezeka. Taganizani zimene zimachitika mukatero kwa miyezi. Madzi opanda fosifeti m'pang'ono pomwe, mukawayeza nthawi zambiri n'kuchotsera bulanki, theka la manambala limagwera pamwamba pa ziro, theka pansi, ndipo avereji imabwera pafupi ndi ziro monga kuyenera. Mukafufuta a pansiwo n'kusiya a pamwamba, avereji imakwera yokha. Mwapanga fosifeti ndi cholembera. Panali kasitomala wina amene ankasonkhanitsa malipoti athu n'kumajambula gilafu ya mmene fosifeti "ikukwerera" m'chitsime chake, pamene chimene chinkakwera n'kutsika ndi mabotolo athu.

Za mabotolowo ndiye nkhani ina. Bulanki yathu inkati sabata ino ili pansi, sabata yamawa yakwera kawiri, popanda wosintha mankhwala. Mkuluyo ankaloza chala makina, n'kuitanitsa wokonza, wokonza n'kupeza kuti makina alibe vuto. Chinsinsi chinaululika titaona kuti mafulasiki athu ankatsukidwa limodzi ndi ziwiya zina zonse, ndi sopo waufa. Sopo wambiri wotere amakhala ndi fosifeti, ndipo fosifeti imamatirira pagalasi. Mukamayeza mamayikulogalamu ochepa pa lita, zotsalira za sopo zimene maso saona zimaposa zimene zili m'sampulo. Ziwiya za fosifeti zimafuna kukhala pazokha, kutsukidwa ndi hayidulokuloriki asidi wosungunula n'kutsukuluzidwa ndi madzi oyeretsedwa, sopo osaziyandikira. Titapatula mafulasiki, bulanki inatsika, koma chimene chinandisangalatsa kwambiri n'chakuti inasiya kudumphadumpha.

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo sindigonja pamenepa ngakhale abwana anu atakwiya: kukula kwa bulanki si vuto lalikulu, vuto ndi kugwedera kwake. Bulanki ya 0.012 imene imabwera 0.012 nthawi zonse mumaichotsera n'kuiwala. Bulanki ya 0.005 imene mawa ndi 0.011, mkuja 0.002, ndi yoipa kwambiri ngakhale ikuoneka yaing'ono. Zili ngati kuyeza nthenga ili m'dengu: kulemera kwa dengu mungathe kuchotsera, koma ngati muvi wa sikelo ukugwedera kuposa kulemera kwa nthengayo, simunganene ngati nthenga ilimo. Kuchotsera bulanki kumachotsa dengu. Sikuletsa muvi kugwedera, ndipo monga muone pansipa, kumawonjezerako kugwederako.

Ena amandiuza kuti zonsezi n'zokometsera za anthu a masamu. Iyayi. Njira ya utoto wabuluuyi inalembedwa ndi Murphy ndi Riley mu 1962, ndipo pofika 1968 Lloyd Currie anali atatopa ndi matanthauzo osiyanasiyana a malire ozindikira amene anthu ankagwiritsa ntchito, n'kuwalongosola bwino. Anasiyanitsa mafunso atatu amene ife timawasakaniza. Loyamba: nambala yomwe ndaona lero, kodi yaposa zimene bulanki ingatulutse mwangozi? Lachiwiri: kodi fosifeti iyenera kuchuluka bwanji kuti njira yangayi iziiona pafupifupi nthawi zonse? Lachitatu: iyenera kuchuluka bwanji kuti nambala yomwe ndalemba ikhale yodalirika? Pa mafunso atatuwo anapereka zochulukitsa 1.645, 3.29 ndi 10. Nambala 3 imene ambiri timachulukitsa nayo ndi yachizolowezi, ili pafupi ndi yachiwiriyo. Bungwe loona za chilengedwe ku America lili ndi njira yakeyake, imene mbali yake ina ndi iyi: masampulo osachepera asanu ndi awiri othiridwa fosifeti pang'ono yodziwika, n'kuchulukitsa kumwazikana kwawo ndi 3.143 akakhala asanu ndi awiri ndendende. Ngati amene mumawatumizira malipoti amafuna njira imeneyo, tsatani imeneyo. Chimene sindivomereza ndi kulemba LOD osanena kuti mwaipeza bwanji. LOD yopanda njira yake ndi nambala yokongoletsera lipoti basi.

Ndisanaiwale, pali msampha wina umene umakola anthu osamala kwambiri: kuchotsera bulanki kawiri. Ngati munaika makina pa ziro ndi bulanki ya mankhwala, yachotsedwa kale, musachotserenso. Ngati masitandadi anu munawawerenga osachotsera kanthu n'kujambula mzere, ndiye kuti bulanki yabisala pamene mzerewo wadula, ndipo fomula ya mzere ikuichotsa yokha. Mukaona masampulo oyera akungotuluka pansi pa ziro onse, mbali imodzi yokhayokha, yambani mwakayikira zimenezi. Ine ndimakonda kuika ziro ndi madzi oyeretsedwa okha, kenako n'kuwerenga bulanki ngati sampulo wamba, kuti nambala yake ndiziiona ndi maso tsiku lililonse n'kuilemba m'buku. Bulanki yobisika m'batani la ziro ikhoza kukwera kwa mwezi wathunthu inu osadziwa.

Ndiponso dzifunseni kuti 0.012 imeneyo ikuchokera kuti. Ngati ikuchokera m'mankhwala, sampulo nayonso ili nayo, choncho kuchotsera n'koyenera. Koma ngati ikuchokera m'madzi oyeretsedwa amene mwapangira bulanki, sampulo ilibe madzi amenewo, ndipo mukachotsera mukuilanda fosifeti yakeyake. Poyesa, pangani bulanki ina yokhala ndi madzi theka lokha la amene mumathira nthawi zonse a m'botolo lanu, theka linalo a ku gwero lina loyeretsedwa bwino, kapena yerekezani mabulanki a madzi a magwero awiri. Nambala ikasintha ndi madzi, wolakwa ndi madzi. Palinso madzi a m'chitsime amene ali ndi matope kapena mtundu wawowawo. Amenewo amatchinga kuwala pa manomita 880 ngakhale mulibe fosifeti, ndipo bulanki ya madzi oyera singakuuzeni. Pamafunika bulanki ya sampulo yomweyo: sampulo yothiridwa asidi koma yopanda mankhwala otulutsa utoto. Pa kusiyana kwa 0.007 ngati kwanuku, kamatope kosaoneka n'komwe kakhoza kukhala yankho lonse.

Tsono masamu ake

Konzani mabulanki khumi, lililonse m'fulasiki yakeyake, lodutsa njira yonse imene sampulo imadutsa, sefa ndi zonse. Zimakhala bwino mukawagawa pa masiku angapo. Tiyerekeze kuti atuluka chonchi: 0.011, 0.013, 0.012, 0.010, 0.014, 0.012, 0.013, 0.011, 0.012, 0.012. Avereji ndi 0.012, monga yanu ija. Kumwazikana kwake, kumene timalemba s ndipo pakompyuta mumakupeza ndi STDEV.S, ndi 0.00115. Mukagawa ndi silopu yanu ya 0.60, imene ndi mmene nambala ya makina imakwerera pa miligalamu iliyonse m'lita, mupeza mamiligalamu 0.0019, kapena kuti mamayikulogalamu 1.9 pa lita.

Musathamangire kuchulukitsa ndi 3. Nambala yomwe mumalemba ndi sampulo kuchotsera bulanki, ndipo zonse ziwiri zimagwedera, choncho s iyenera kukonzedwa:

```
s' = s × √(1/n + 1/nb)
LOD = 3 × s'
LOQ = 10 × s'
```

Apa LOQ ndi mlingo wochepetsetsa umene nambala yake ndi yodalirika, n ndi kuchuluka kwa maulendo amene mumakonza sampulo iliyonse, nb ndi kuchuluka kwa mabulanki amene mumatengera avereji yochotsera pa tsiku la ntchito. Ngati mumayeza sampulo kamodzi n'kuchotsera bulanki imodzi, 1.9 ichulukitsidwa ndi 1.41 n'kukhala 2.7. LOD ikhala pafupifupi mamayikulogalamu 8 pa lita, LOQ pafupifupi 27. Mukamakonza mabulanki anayi tsiku lililonse, s' itsika kufika pafupifupi 2.15, LOD ifika pa 6 ndi kakang'ono, LOQ pafupifupi 22. Mafulasiki atatu owonjezera okha.

Sampulo yanu: 0.019 kuchotsera 0.012 ndi 0.007, kugawa ndi 0.60 ndi mamayikulogalamu pafupifupi 12 pa lita. Ngati mabulanki anu enieni atamwazikana ngati ongoyerekezawa, ndipo matope mwawachotsa pa mlandu, 12 ili pamwamba pa LOD koma pansi pa LOQ. Fosifeti ilimo, koma 12 imeneyo ikhoza kukhala 7 kapena 17. Lembani kuti yapezeka, ili pansi pa LOQ, ndipo ngati mukuika nambalayo ikani ndi chenjezo limenelo. Ikanagwera pansi pa LOD mukanalemba < 8 pa lipoti, koma m'buku lanu n'kusunga nambala yeniyeni, ngakhale ikhale yochotsera.

Kuti mutsimikize, thirani fosifeti yodziwika ya mamayikulogalamu pafupifupi 10 pa lita m'mafulasiki angapo a madzi oyera muone ngati onse akuoneka pamwamba pa bulanki. Ena akasowa, LOD yanu ya papepala ndi yotsika kuposa yeniyeni. Ndipo ngati abwana akufunadi nambala yolimba pa 12, auzeni agule kiyuveti ya masentimita 5 kapena 10 m'malo mwa ya sentimita imodzi, poti silopu yanu ya 0.60 ikuonetsa kuti ya sentimita imodziyo ndi imene muli nayo. Silopu idzakula kasanu kapena kakhumi, ndipo vuto la makina osatha kuona kupyola nambala yachitatu lidzachepa. Koma kugwedera kochokera m'mafulasiki akuda kudzakula limodzi ndi silopuyo, choncho mutsuke ndi asidi kaye, kenako mubwereze mabulanki khumi aja ndi kiyuveti yatsopanoyo.