Tchati chopanda manambala, 3 koloko usiku

"Ankolo, ndili chaka chachiwiri cha unamwino, gulu lathu latumidwa kubweretsa kankhani ka vuto la pa naiti koti kalasi ikambirane. Tithandizeni."

Tengani aka, anthu ake ndi ongopeka koma zotere zimachitika.

Wodi ya amayi ongobereka kumene, mabedi odzadza ena agona pansi, nesi ndi mmodzi ndi mtsikana wophunzira basi. 12 koloko kwabwera mayi wochokera ku opareshoni, bipi 120/80, mtima ukugunda 84 pa mphindi, adokotala alemba kuti aziyezedwa mphindi 30 zilizonse. Kenaka asisita aitanidwa ku leba komwe khanda latuluka losapuma, wophunzira watsala yekha kuthamanga ndi madilipi ndi magadiyani, mayi uja osamufikira mpaka 3 koloko. Akumupeza mtima uli 118, bipi 95/60, chiberekero chofewa, chitenje chanyowa magazi. Wophunzirayo wakuwa, asisita abwera, ayamba kusisita chiberekero, abaya okositosini, aonjezera dilipi, aimbira adokotala. Ndiye akudikira muja amupatsa tchati: "Mwanawe, dzadza mipatayi adokotala asanafike, ungolemba manambala abwinobwino. Ukudziwa komwe ndinali." Ndi asisita omwewa amene amasaina buku lake la pulakitiko.

Pamenepo imani, musauze kalasi zomwe anachita.

Chonde pokambirana musawasandutse asisitawa mfiti, anapulumutsa khanda usiku womwewo, ndipo mtsikanayu ali ndi chifukwa chenicheni choopera. Koma yambani ndi funso loti manambala opekawo akamuchita chiyani mayiyu. Adokotala akaona kuti 2:30 zonse zinali bwino aganiza kuti magazi angoyamba kumene, pomwe mwina wakhala akutaya kwa maola, ndiye akhoza kuchedwa kuitanitsa magazi kapena kumubwezera ku fiyeta. Mayi wachitsikana bipi imachedwa kutsika, mtima ndi umene umayamba kuthamanga, ndipo kugunda kwa mtima kukaposa nambala yapamwamba ya bipi ngati apa, 118 pa 95, ndiye kuti zafika kale poipa. Mpata wosalemba ukuwauza adokotala zoona, kuti maola atatu palibe akudziwa chinachitika.

Ine ndikanafuna wina mkalasimo afike poti wophunzira alembe zimene wayeza yekha, nthawi yake ndi saini yake, pa mipata paja alembe kuti sanayezedwe chifukwa nesi anali ku leba. Chovuta ndi mawu owauzira asisita osawanyoza, ndiye awiri ayeserere pamaso pa kalasi, wina akhale sisita wotopa. Mufunsanenso kuti mmawa mlangizi wake wa ku koleji amuuze kapena ayi, nanga mayiyu akachira bwinobwino yankho lanu lisintha?